Chichewa cha mwana wobadwira ku Mangalande: njira iti imagwiradi ntchito?

Tsiku lina Lamulungu madzulo ndinapatsa mwana wanga wamkazi foni kuti alankhule ndi agogo ake a ku Dedza. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anati, "Uli bwanji agogo?" Mayi anga anaseka, koma ndinamva m'kaseko kawo kuti china chawalasa. Atamufunsa kuti wadya chiyani, mwana anandiyang'ana ine, n'kuyankha m'Chingerezi, n'kundibwezera foni. Funso analimva bwinobwino. Chimene chinasowa ndi pakamwa poyankhira.

Makolo ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia amene tili ku Manchester, Leicester, Nottingham ndi Glasgow timadzitonthoza ndi mawu amodzi: "Amamva zonse, kungoti sayankha." Mawuwa ndi oona, koma mwana womva osayankha amadzakhala kholo losatha kupatsira ana ake chilankhulocho. Choncho poyerekeza njira zimene mabanja amayesa, ine ndimayeza ndi muyezo umodzi: pa chaka, njirayi imapatsa mwana maola angati amene iye mwini akufunika kutsegula pakamwa m'Chichewa?

Tiyambe tawerenga sabata ya mwana

Mwana wa zaka zisanu akamadzuka 7 koloko m'mawa n'kugona 8 koloko usiku, amakhala maso maola 91 pa sabata. Ku Ingalande ana amayamba sukulu mu Seputembala atakwanitsa zaka zinayi, ndipo sabata ya sukulu za boma ndi maola 32 ndi theka. Kwathu tonse timagwira ntchito ya mashifiti yosamalira okalamba, ndiye mwana ankatsalira ku kalabu ya kusukulu maola awiri tsiku lililonse, kuphatikiza 10 pa sabata. Makatuni ndi tabuleti zinkadya maola 14. Kusewera ndi mlongo wake komanso ana oyandikana nawo nyumba, zonse m'Chingerezi, mwina 15. Otsala anali pafupifupi 20, ndipo mwa amenewo theka tinkathandizana homuweki kapena kumufulumizitsa kuvala m'Chingerezi, poti ndi chomwe amamva msanga.

Kunatsala maola ngati 10 akumva Chichewa, ndipo chambiri chinali cha malamulo okhaokha: bwera kuno, usambe m'manja, tseka chitseko, siya zimenezo. Chichewa chotere sichifuna yankho. Nditawerenga nthawi imene mwanayo ankalankhula yekha Chichewa, sinkakwana mphindi khumi pa sabata. Tengani pepala muwerenge za kwanu musanasankhe njira iliyonse, chifukwa nambala imene mupeze ndi imene ikuuzeni pamene pakudontha.

Chichewa m'nyumba, Chingerezi panja

Iyi ndi njira yotchipa kuposa zonse ndipo ndi yolemetsa kuposa zonse. Makolo onse awiri amalankhula Chichewa kwa ana ndiponso pakati pawo, Chingerezi n'kuchisiyira sukulu. Umboni wake ulipo. Annick De Houwer anafufuza mabanja 1,899 a ku Flanders m'dziko la Belgium, kumene chilankhulo cha kusukulu ndi Chidatchi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. M'mabanja amene makolo onse ankalankhula chilankhulo cha kwawo chokha m'nyumba, pafupifupi 97 pa 100 alionse ana ankachilankhula. Kumene makolo onse ankaphatikiza zilankhulo ziwirizo, chiwerengero chinatsikira pa 79. Kumene kholo limodzi lokha ndi limene linkalankhula chilankhulocho, koma nalonso n'kumalankhulanso Chidatchi m'nyumba, chinagwera pa 36.

Vuto lathu Amalawi ndi loti Chichewa chathu cha m'tauni chinalowerera kale Chingerezi tisanakwere ndege. Ambiri tinaphunzira m'sukulu zimene ukalankhula Chichewa unkapatsidwa chibalo, ndipo mpaka lero kamawu kena m'mutu kamatiuza kuti mwana wolankhula Chingerezi chokha ndiye wotsogola. Ndiye timati tikulankhula Chichewa m'nyumba, koma mukatchera khutu mupeza kuti mayina onse a zinthu, manambala, masiku, mitundu, zonse zikutuluka m'Chingerezi, Chichewa changotsala pa timawu tolumikizira. Mwana sangatole mawu amene sakuwamva.

Mantha ena ndi oti mwana akavutika kusukulu. Mphunzitsi wina wa kusukulu ya mkaka anatilangiza kuti tisiye Chichewa kaye chifukwa mnyamata wathu ankachedwa kulankhula. Tinamvera kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndimanong'oneza bondo. Akatswiri othandiza ana pa kalankhulidwe kuno amanena mosabisa kuti zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula, ndipo amalimbikitsa makolo kulankhula ndi ana chilankhulo chimene iwo amachidziwa bwino. Mwana akachedwa kulankhula amafunika kupimidwa makutu ndi kuonedwa ndi katswiri. Chingerezi chokha asade nacho nkhawa munthu, maola 32 a kusukulu amachibweretsa chokha.

Koma pamene njirayi imafera kwenikweni ndi pa yankho. Mwana akayamba sukulu amabwera n'kunena m'Chingerezi kuti akufuna madzi, kholo lotopa ndi shifiti ya usiku n'kungotunga madzi n'kumupatsa. Apo mwana waphunzira kuti Chingerezi chimagula chilichonse m'nyumba muno. Elizabeth Lanza, amene anafufuza ana a ku Norway oleredwa m'Chingerezi ndi Chinoweji, anasonyeza kuti zimene kholo limachita pa mphindi imeneyi n'zimene zimatsogolera mwana. Mungachite ngati simunamve n'kufunsa kuti, "Wati chiyani?" Mungamuyambire n'kumufunsa, "Ukuti ukufuna madzi?" kuti avomere kapena abwereze. Mungangobwereza m'Chichewa zimene wanena n'kupitiriza. Mungangomuyankha osalabadira kuti walankhula chilankhulo chiti. Kapena inunso mungalumphire m'Chingerezi. Ziwiri zoyambazo n'zimene zimatulutsa mwana wolankhula, ziwiri zomalizazo zimatulutsa uja wa "amamva zonse".

Kunamizira kusamva kumagwira kwa mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu. Wa zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa kuti mumalankhula Chingerezi ku ntchito, ndipo amaona kuti mukumupusitsa. Ife tinagwiritsa ntchito mafunso osankhitsa: "Ukufuna mpunga kapena nsima?" Yankho lili kale m'funsomo, mwana amangolitola. Kenaka, "Ndiwo zake ziti, nyemba kapena nkhuku?" Patapita milungu tinayamba kufunsa za kusukulu, iye n'kumayamba m'Chichewa, mawu akamuthera n'kuponyamo a Chingerezi, ife n'kumupatsa a Chichewawo osamudzudzula. Tinapatula nthawi ya chakudya chamadzulo kuti ikhale ya Chichewa basi, wailesi yakanema yozimitsa. Ola limodzi patsiku likuoneka laling'ono, koma pa chaka ndi maola 365, ndipo ndi maola oyankhana.

Chenjezo limodzi: mwana akabwera akulira, wamenyedwa kapena wanyozedwa kusukulu, msiyeni afotokoze m'chilankhulo chimene chabwera. Mukamuumiriza Chichewa pa nthawi ngati imeneyo amasiya kukuuzani zinthu, ndipo Chichewa amachiika m'gulu la zilango.

Kholo limodzi, chilankhulo chimodzi

Mabanja amene wina ndi Mmalawi, wina ndi mzungu, Mnaijeriya kapena Mzimbabwe sangathe kutsata njira yoyamba ija. Yawo ndi yoti kholo lililonse lizilankhula ndi mwana chilankhulo chake. Njirayi ndi yakale. Jules Ronjat wa ku France analemba mu 1913 mmene analelera mwana wake Louis, iye akulankhula Chifalansa, mayi ake Chijeremani. M'kafukufuku wa De Houwer uja, mabanja otere 74 pa 100 ana ankalankhula chilankhulo chochepa mphamvucho. Si zoipa, koma zikutanthauza kuti banja limodzi mwa anayi linalephera ngakhale linkatsata lamuloli.

Kusiyana kwa 74 ndi 36 kuja n'kofunika kukuganizira. Mabanja onsewo ali ndi kholo limodzi lokha lolankhula chilankhulocho m'nyumba. Chosiyanitsa n'choti lina limagwiritsitsa, lina limaterereka kulowa m'chilankhulo cha dziko. Ngati ndinu nokha wolankhula Chichewa m'nyumba, mulibe danga loterereka.

Chimene chimagwetsa njirayi ndi ntchito. Bambo Mmalawi woyendetsa lole kapena wogwira mashifiti a maola 12 amaonana ndi mwana maola mwina asanu pa sabata ali maso onse awiri. Zikatero ndi bwino bamboyo atenge ntchito ina ya tsiku ndi tsiku ikhale yake, monga kusambitsa mwana, kumuperekeza kusukulu kapena kumugoneka ndi nthano. China n'choti mwana womva Chichewa kwa munthu mmodzi amamva "iwe" yekhayekha. Samva akuluakulu awiri akupatsana ulemu, ndiye sadziwa kuti agogo ndi "inu", kuti "agona" angatanthauze munthu mmodzi. "Uli bwanji agogo" imachokera pamenepo. Pamafunika alendo, anthu ena amene mwana azimva bambo ake akuwalonjera ndi ulemu. Ndipo mnzanu wa m'banja akaphunzira ngakhale malonje ndi mayina a zakudya, mwana amaona kuti Chichewa si chinsinsi cha bambo okha.

Foni, mavidiyo ndi wailesi

Apa ndidutsa msanga pa mavidiyo. Patricia Kuhl ndi anzake ku Seattle mu 2003 anatenga makanda a miyezi isanu ndi inayi a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena anaseweretsedwa ndi munthu wolankhula Chimandarini maulendo 12, ena anaonetsedwa zomwezo pa kanema. Oseweretsedwa ndi munthu anaphunzira kusiyanitsa maliwu a Chimandarini, a pa kanema sanatolepo kanthu. Kwa khanda, kanema si mphunzitsi. Kwa ana okulirapo nyimbo ndi masewero a kumudzi pa YouTube, kapena Zodiak ndi MBC zikulira kukhitchini, zimathandiza khutu kuzolowera, koma sizifuna yankho, ndiye pa muyezo wanga zimapeza ziro.

Kuimbirana pa WhatsApp ndi agogo n'kosiyana chifukwa mbali inayo kuli munthu. Nthawi siivuta, Malawi amatsogola ola limodzi m'chilimwe cha kuno ndi maola awiri m'nyengo yozizira. Chimene chimavuta ndi nkhani yokamba. Mafoni ambiri amathera pa "Muli bwanji, ndili bwino, sukulu ikuyenda?", mwana n'kuthawa. Ife tinapempha agogo kuti aziyenda ndi foni pakhomo: aonetse mbuzi imene yaswa, afunse mwana kuti anapiye ndi angati, amuphere ndagi kuti akayankhe ulendo wotsatira. Mphindi 15 katatu pa sabata ndi maola 39 pa chaka. Ndi ochepa, koma ali ndi chinthu chimene kholo lilibe: agogo sadziwadi Chingerezi, ndipo mwana amadziwa kuti sakunamizira. Musaime pambali n'kumamasulira. Ndalama ya bandulo tumizani, netiweki ikamadukaduka mwana sachedwa kugwa ulesi.

Kalasi ya Loweruka ndi kutchalitchi

Apolishi, Agujarati ndi Abengali kuno ali ndi masukulu a Loweruka okhazikika, ndipo ana awo amatha kulemba mayeso a GCSE m'zilankhulo zawo. Chichewa chilibe GCSE, choncho wachinyamata wa zaka 14 saona phindu la kusukulu lomukokera. Makalasi athu amakhala a makolo odzipereka m'holo ya tchalitchi, ndipo amafa mphunzitsi akasinthidwa shifiti.

Maola ake ndi awa: awiri pa Loweruka, masabata 30 pa chaka, ndi maola 60. Mukachotsapo kuchedwa, kudya ndi nthawi imene ana akunong'onezana m'Chingerezi, otsala ndi ochepa. Wodalira kalasi yokha akutunga madzi ndi lichero. Komabe ndimaikonda pa zifukwa ziwiri. Imaphunzitsa kuwerenga, ndipo Chichewa n'chosavuta kuwerenga kwa mwana amene wadziwa kale zilembo kusukulu, poti mavawelo ndi asanu okha ndipo mawu amalembedwa mmene amamvekera. Masabata ochepa amakwana kuti ayambe kuwerenga ndime ya Buku Lopatulika kapena kutsatira nyimbo m'buku. Chachiwiri, mwana amaona ana anzake amene nawonso ali ndi agogo ku Ntcheu kapena ku Chipata.

Za kutchalitchi tisadzinamize. M'mapemphero ambiri a Amalawi kuno nyimbo zimakhala za Chichewa, koma Sande sukulu imachitika m'Chingerezi, ndipo ana akatuluka panja amasewera m'Chingerezi. Ku Zimbabwe, kumene makolo athu anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, Chichewa chinakhalitsa m'makomboni momwe anthu ankakhala mothithikana, ndi maliro awo, madansi awo ndi gule wamkulu, mpaka malamulo a dzikolo a 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe zidzukulu zambiri zimene zinasamukira m'matauni zimalankhula Chishona kapena Chindebele. Chinkasunga chilankhulo ndi kukhalirana pafupi tsiku ndi tsiku, ndipo ife kuno timaonana kamodzi pa sabata, ena kamodzi pa mwezi.

Kupita kumudzi, kapena kuitana agogo

Mankhwala amphamvu ndi awa, ndiponso odula. Holide yaitali ya ku Ingalande imayamba kumapeto kwa Julaye mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Mwana akakhala kumudzi masiku 35, maola 13 patsiku, ndi maola 455. Ngakhale mutadula pakati, aposa kalasi ya Loweruka ya zaka zitatu. Nyengoyi matikiti a ndege amakwera mtengo chifukwa aliyense akuyenda, koma kuchotsa mwana sukulu ili mkati kuli ndi chindapusa cha mapaundi 80 pa kholo lililonse pa mwana aliyense, chimene chimafika 160 mukachedwa kulipira. Ubwino wake Julaye ndi Ogasiti kwathu ndi nyengo yozizira, udzudzu umachepa. Ngakhale zili choncho mwana wobadwira kuno alibe chitetezo cha malungo m'thupi, ndiye mankhwala oteteza ndi masikito musanyalanyaze.

Ulendo wathu woyamba unapita pachabe pa nkhani ya chilankhulo. Tinafikira kwa achimwene ku Area 47 ku Lilongwe, kumene ana awo amaphunzira sukulu zolipira za Chingerezi. Asuweni anasangalala kupeza woyeserera naye Chingerezi cha ku Mangalande, akuluakulu n'kumamutcha mwana wanga wamkazi uja kuti "mzungu wathu". Atayesa kulankhula Chichewa n'kunena kuti "chipewa wanga", nyumba yonse inagwa nacho chiseko, wina n'kumujambula pa foni. Sanayesenso mpaka tinabwerera.

Ulendo wachiwiri tinagona m'tauni masiku awiri okha, n'kupita ku Dedza. Ndinawapempha achibale zinthu ziwiri tisanafike, kuti asamuseke ndiponso asamuyankhe m'Chingerezi. Masiku anayi oyamba anali chete, akungondikakamira. Tsiku lachisanu ndinapita ku boma dala n'kumusiya ndi agogo ndi ana a pamudzi. Pobwera ndinamupeza akusewera fulaye, akukuwa kuti "Waphonya! Ndi nthawi yanga!" Ana anzake ndi amene anachita zimene ine ndinalephera zaka zitatu, chifukwa masewera sadikira womasulira. Pofika sabata yachitatu ankatumidwa kukagula tomato, ndipo anagwada popereka madzi kwa agogo ake aamuna popanda womuuza.

Koma zimasuluka. Titabwerera, pofika Novembala anali atayambanso kuyankha m'Chingerezi. Chimene chinapulumutsa zina ndi ola la chakudya chamadzulo lija ndi mafoni a agogo, amene tsopano anali ndi nkhani, poti mbuzi ankazidziwa ndi mayina. Ulendo umadzutsa chilankhulo, koma pamafunika poti chikafikire mukabwerako.

Kuitana agogo kuno pa viza ya alendo, imene imalola kukhala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kumagwira bwino kwa ana amene sanayambe sukulu, chifukwa amakhala nawo tsiku lonse. Viza imatha kukanidwa, ndipo nkhalamba yozolowera kuyenda m'mudzi imavutika kutsekeredwa m'nyumba nyengo yozizira, choncho ngati n'kotheka abwere pakati pa Epulo ndi Seputembala. Pali mabanja enanso amene amatumiza mwana kukaphunzira kumudzi chaka chathunthu kapena kuposerapo. Chichewa amabwera nacho chokoma, sindikana. Koma ndaona ana ena akubwera ndi mkwiyo woti anatayidwa, makamaka amene anatumizidwa ngati chilango. Pa chilankhulo chokha ine sindingalipire mtengo umenewo.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda?

Musayeze ndi malonje kapena nyimbo, zimenezo mwana amaloweza ngati chinkhwe. Mvetserani kagwirizanidwe ka mawu. Mwana amene Chichewa chikumuthawa amayamba kumangirira chilichonse ndi "wa" kapena "ya": "chipewa wanga", "mabuku yanga", "dzira yaikulu". Akayamba kunena yekha kuti "chipewa changa chatayika" kapena "dzira langa lasweka", dziwani kuti chilankhulo chamera mizu, chifukwa zimenezi siziphunzitsika ndi lamulo, zimabwera ndi kumva kwambiri. Mvetseraninso mpweya wa m'mawu, ngati akusiyanitsa kuponya ndi kuphonya, kupala ndi phala, ndiponso ngati "ng'ombe" sakuitchula "ngombe". Yeso lina losavuta n'kumupempha afotokoze zimene zinachitika dzulo. Wotha kulumikiza ziganizo zitatu za nthawi yakale, ngakhale ataponyamo mawu a Chingerezi, ali pabwino kuposa woloweza masalimo awiri.

Mwana wachiwiri yang'anirani mwapadera. Woyamba amakhala ndi zaka zitatu kapena zinayi za makolo okha, koma wachiwiri amabadwira m'nyumba imene mkulu wake wabweretsamo kale Chingerezi cha kusukulu. Kwathu ndi momwemo. Mtsikana uja tsopano ali ndi zaka khumi, amacheza ndi agogo ake theka la ola popanda ine, ndipo "inu" samuphonyanso. Mlongo wake, amene tinamusiyitsa Chichewa miyezi isanu ndi umodzi ija, akadali pa mpunga kapena nsima. Awiriwo akakhala okha amalankhula Chingerezi, ndipo nkhondo imeneyo ndinaisiya. Tikusunga ndalama ya matikiti a Julaye, ndipo ulendo uno mtsikana akatsala masiku angapo kwa azakhali ake ku Lilongwe, kuti mnyamata akafike ku Dedza wopanda womumasulira.